Chigayo chikupindula kapena chikudya mpamba? Kawerengedwe ka phindu lotsalira ndi EVA

Bizinesi ikhoza kutseka chaka mabuku akusonyeza phindu, msonkho n'kulipidwa, eni ake n'kugawana kangachepe, pomwe ndalama zawo zikanawabweretsera zambiri akanaziika kwina. Sikuti akauntanti walemba zabodza ayi. Buku la phindu limachotsa chiwongoladzanja cha ngongole ya kubanki chifukwa banki imatumiza kalata yolonjerera, koma ndalama zomwe eni ake anaika m'bizinesimo limaziwerengera ngati zaulere, poti palibe amene amabwera kudzalonjerera. Phindu lotsalira ndi EVA, chidule cha mawu a Chingerezi oti Economic Value Added, ndi njira ziwiri zapachibale zotsekera mpata umenewu. Zonse zimati mpamba uli ngati nyumba yobwereka: kaya ndi wa banki kaya ndi wanu, uyenera kulipiridwa lendi, ndipo zotsala mutalipira lendiyo ndiye phindu lenileni.

Ganizoli ndi lakale. Katswiri wa zachuma wa ku Mangalande, Alfred Marshall, analemba mu 1890 kuti phindu la mwini bizinesi limadziwika akachotsa chiwongoladzanja cha mpamba wake pa mlingo wa nthawiyo. Kampani ya General Electric inkayesa nthambi zake ndi phindu lotsalira m'zaka za m'ma 1950. EVA inabwera pambuyo, kuchokera kwa alangizi a kampani ya Stern Stewart ku New York, ndipo inatchuka m'zaka za m'ma 1990 makampani ngati Coca-Cola ataitenga. Koma masamu ake safuna kampani yaikulu. Cholembera ndi kakyuleta ya pafoni n'zokwanira.

Tiyerekeze kampani ya banja limodzi ku Nkhotakota. Manambala onse ndi ongoyerekeza, inu mudzaikapo anu. Kampaniyi ili ndi nthambi ziwiri. Yoyamba ndi chigayo chopunthira mpunga pa boma: imagula mpunga wosapuntha kwa alimi a ku Bua ndi madambo ena, kuusunga, kuupuntha, n'kukagulitsa kumasitolo a ku Lilongwe kudzera msewu wa Salima. Yachiwiri ndi sitolo yopikulitsa sopo, mafuta ophikira, mchere ndi ufa pa Dwangwa. Mkulu wa banjalo amayang'anira chigayo, mlongo wake amayang'anira sitolo.

Yambani ndi phindu la m'mabuku, koma mulitenge pa malo oyenera

Pa chaka chomwe tikuwerengera, chigayo chinapeza K80 miliyoni ndipo sitolo inapeza K36 miliyoni. Limeneli ndi phindu la ntchito, ndiye kuti zogulitsa kuchotsa zogula, malipiro, magetsi, thiransipoti ndi kutha kwa makina, koma musanachotse chiwongoladzanja ndi msonkho. Pamodzi ndi K116 miliyoni. Kampaniyi ili ndi ngongole ya kubanki ya K150 miliyoni pa 30 peresenti, choncho chiwongoladzanja chinatenga K45 miliyoni, n'kutsala K71 miliyoni. Msonkho wa makampani, womwe kuno ndi 30 peresenti, unatenga K21.3 miliyoni. Mzere womaliza wa bukulo ukuti K49.7 miliyoni.

Pamsonkhano wa banja, nambala imeneyi ndi yomwe imaomberedwa m'manja. Ndipo chifukwa chigayo chinabweretsa zoposa kawiri za sitolo, mkulu uja ndiye amaoneka wogwira ntchito.

Pofuna kuyerekeza nthambi ziwirizi, musatenge phindu lomwe chiwongoladzanja chachotsedwa kale. Ngongoleyo ndi ya kampani yonse, ndipo lendi ya mpamba tiichotsa tokha kutsogoloku. Mukachotsa chiwongoladzanja pano, kenako n'kuchotsanso lendi, ndiye kuti ngongoleyo mwailipiritsa kawiri. Kulakwitsa kumeneku n'kofala kwambiri mwa oyamba kumene. Tengani phindu la ntchito, muchotsepo msonkho wokha. Chigayo: K80 miliyoni kuchotsa 30 peresenti, kutsala K56 miliyoni. Sitolo: K36 miliyoni kuchotsa 30 peresenti, kutsala K25.2 miliyoni.

Werengani mpamba umene nthambi iliyonse yagwira

Apa ndi pamene pagona ntchito yeniyeni, ndipo ndi pamene anthu amadzinamiza osadziwa. Mpamba si ndalama zomwe munayambira bizinesi zokha. Ndi ndalama zonse zomwe zamangika m'nthambiyo lero: makina ndi nyumba, katundu ali m'nkhokwe, ngongole zomwe makasitomala sanabweze, kuchotsapo zomwe inu simunalipire kwa okupatsani katundu, chifukwa zimenezo ndi ndalama za anthu ena zomwe mukugwiritsa ntchito popanda chiwongoladzanja.

Kuchigayo, makina ndi nyumba zalembedwa K100 miliyoni. Mpunga wa m'nkhokwe ndi K120 miliyoni. Masitolo a ku Lilongwe ali ndi ngongole ya K40 miliyoni. Zomwe chigayo sichinalipire kwa ogulitsa matumba, amalole ndi ena ndi K20 miliyoni. Mpamba wonse ndi K240 miliyoni. Kusitolo, mashelefu ndi kalole kakang'ono ndi K15 miliyoni, katundu K60 miliyoni, ngongole za makasitomala K5 miliyoni, ndipo K20 miliyoni ndi katundu wotenga pangongole kumakampani opanga. Mpamba wake ndi K60 miliyoni basi.

Tsono taonani nambala ya mpunga ija. K120 miliyoni si imene mungaipeze mukalowa m'nkhokwe tsiku lililonse. Mwezi wa Julaye, kugula kutangotha, matumba amafika kudenga, moti wonyamula amachita kupendeka podutsa pakati pa milu, ndipo mpunga umenewo ungakhale wa K220 miliyoni. Pofika Malichi m'nkhokwe mumamveka mawu, mwatsala mwina wa K30 miliyoni pakona. Ngati chaka cha mabuku anu chimatha mu Malichi ndipo mwangotenga nambala ya tsiku lotsekera, mpamba wa chigayo udzaoneka ngati K150 miliyoni m'malo mwa K240 miliyoni, ndipo zotsatira zonse zidzatembenuka. Choncho lembani mtengo wa katundu wa m'nkhokwe kumapeto kwa mwezi uliwonse, muphatikize miyezi yonse 12, mugawe ndi 12. Chitani chimodzimodzi ndi ngongole za makasitomala. Bizinesi iliyonse yoyendera nyengo, kaya ndi ya mpunga, usipa wouma kapena feteleza, iyenera kuwerengedwa chonchi.

Zinthu zomwe sizigwira ntchito m'nthambiyo musaziikemo. Ngati kampani ili ndi puloti ku Senga Bay yomwe yangokhala, iwerengereni payokha. Ikudya lendi, inde, koma si mlandu wa chigayo kapena sitolo.

Pezani mlingo wa lendi ya mpamba

Mpamba wonse ndi K300 miliyoni, theka la banki, theka la banja. Mbali ya banki njosavuta. Chiwongoladzanja ndi 30 peresenti, koma chifukwa chimachepetsa phindu lodulidwa msonkho, pa K30 iliyonse yomwe mwalipira kubanki msonkho umatsika ndi K9. Chomwe chimakupwetekani m'thumba ndi 21 peresenti. Pa K150 miliyoni ndi K31.5 miliyoni.

Mbali ya banja ilibe kalata yoti muwerengepo, muyenera kuiganiza nokha. Yambani ndi funso ili: ndalamazi zikanapeza zingati zitaikidwa pomwe palibe chiopsezo chachikulu? Mu 2024 Banki Yaikulu ya dziko lino inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, ndipo obwereketsa boma ndalama kwa chaka chathunthu ankalandira pafupifupi chomwecho, ali chikhalire, osadzuka m'mamawa kukapikisana ndi mavenda pa sikelo. Mpunga uli ndi anankafumbwe, chinyezi, kuzimazima kwa magetsi, Bua kusefukira, ndi kasitomala wothawa ndi ngongole. Mwini mpamba ayenera kufuna zoposa za boma, ndiponso zoposa zomwe banki ikufuna, chifukwa zinthu zikavuta banki imayamba kulipidwa, iye n'kumatola zotsala. Tinene kuti banjali lagwirizana pa 35 peresenti. Pa K150 miliyoni ndi K52.5 miliyoni.

Phatikizani: K31.5 miliyoni ndi K52.5 miliyoni ndi K84 miliyoni. Gawani ndi K300 miliyoni, mupeza 28 peresenti. Umenewu ndiye mlingo wa lendi wa kampani yonse.

Ena amafuna kutenga mlingo wa banki mkhonde kapena wa katapila, amati ndalama zawo zikanaswa kwambiri kumeneko. Ine sindivomereza. Kubanki mkhonde simungaikeko K150 miliyoni n'kupeza oibwereka yonse mwezi ndi mwezi, ndipo zomwe zimatayika kumeneko sizikambidwa. Mlingo uyenera kuchokera pa malo pomwe ndalama zonsezo zikanakwanadi. Komanso musalimbane pa kadontho. Kaya ndi 27 kaya 29, chofunika n'choti mugwirizane chaka chisanayambe, mulembe, ndipo pasakhale wosintha ataona kale zotsatira.

Chotsani lendi pa phindu

Chigayo chagwira K240 miliyoni. Pa 28 peresenti, lendi yake ndi K67.2 miliyoni, pomwe chinapeza K56 miliyoni. Chaperewera ndi K11.2 miliyoni. Sitolo yagwira K60 miliyoni, lendi yake ndi K16.8 miliyoni, ndipo inapeza K25.2 miliyoni. Yatsala ndi K8.4 miliyoni. Kampani yonse yaperewera ndi K2.8 miliyoni. Limeneli ndiye phindu lotsalira, ndipo kampaniyi ilibe.

Pali njira yotsimikizira kuti simunasokoneze. Bwererani ku K49.7 miliyoni ya m'mabuku ija, momwe banki ndi msonkho zachotsedwa kale, muchotsepo lendi ya banja yokha, K52.5 miliyoni. Mupeza kuperewera komweko kwa K2.8 miliyoni. Njira ziwirizi zikasiyana, fufuzani: kawirikawiri mwina chiwongoladzanja chachotsedwa kawiri, kapena mpamba wa nthambi zonse sukufanana ndi ngongole kuphatikiza ndalama za eni ake.

Ogwiritsa ntchito kompyuta, ikani phindu la ntchito mu B2, mlingo wa msonkho mu B3 ngati 30%, mpamba mu B4, mlingo wa lendi mu B5 ngati 28%, ndipo mulembe:

```
=B2*(1-B3)-B4*B5
```

M'mabuku a sukulu mudzazipeza zitalembedwa motere, pomwe NOPAT ndi phindu la ntchito msonkho utachotsedwa, Capital ndi mpamba, ndipo WACC ndi mlingo wosakaniza uja wa 28 peresenti:

```
EVA = NOPAT - WACC * Capital
```

Pamsonkhano wotsatira mlongo uja akhoza kufunsa mwaulemu kuti, "Achimwene, chaka chilichonse ndalama za kusitolo timazitumiza kwanu kuti mukagulire mpunga. Nanga pepalali likuti chiyani?" Ndipo mkuluyo ali ndi poyankhira: "Achemwali, musafulumire. Ndalama zomwe ndinaononga pa alimi chaka chino zidzabweza zaka zitatu. Komanso inu simulipira lendi m'nyumba ya malemu bambo." Onse awiri akunena zoona, ndipo apa ndi pamene EVA imasiyanirana ndi phindu lotsalira wamba.

Konzani manambala a m'mabuku, ndiye mwafika pa EVA

Phindu lotsalira limatenga manambala a akauntanti momwe alili. EVA imayamba yawakonza, kuti phindu ndi mpamba zisonyeze zomwe zikuchitikadi. A Stern Stewart anatchula zokonza zoposa 160, koma makampani ambiri amagwiritsa ntchito zochepa chabe. Kwa bizinesi ngati iyi, ziwiri kapena zitatu n'zokwanira. Musanakonze chilichonse dzifunseni ngati ndalamayo ndi yaikulu moti ingasinthe chiganizo, komanso ngati woyang'anira nthambiyo angaimvetse.

Tiyambe ndi dandaulo la mkulu uja. Chaka chino chigayo chinaononga K12 miliyoni pogawira alimi mbewu yabwino ya Kilombero, kuwaphunzitsa kuumitsa mpunga kuti usamasweke popuntha, ndi kukonza mapaketi okhala ndi dzina la kampani. Akauntanti analemba zonsezo ngati zoonongedwa za chaka chino, monga malamulo a ntchito yake amanenera. Koma ngati phindu lake lidzaoneka zaka zitatu, chaka chino chiyenera kusenza K4 miliyoni yokha. K8 miliyoni yotsalayo ibwezereni ku phindu, lifike K88 miliyoni, lomwe msonkho utachotsedwa ndi K61.6 miliyoni. Musaimire pomwepo. K8 miliyoniyo tsopano ndi mpamba, iyenera kulipira lendi ngati makina. Mpamba wafika K248 miliyoni, lendi K69.4 miliyoni, ndipo kuperewera kwatsika kufika pa K7.8 miliyoni. Amene amabwezera ndalama ku phindu n'kuiwala kuiwonjezera ku mpamba akungodzikometsera nambala. Zaka ziwiri zotsatirazo muzichotsa K4 miliyoni chaka chilichonse, ngakhale buku la akauntanti silidzaitchulanso.

Tsopano sitolo. Ili m'nyumba ya banja, ndipo palibe amalipira kanthu. Nyumba yoteroyo pa Dwangwa, m'mbali mwa msewu wa M5, tinene kuti ikanabwereketsedwa pa K500,000 pamwezi, ndiye K6 miliyoni pachaka. Chotsani imeneyo: phindu la ntchito latsika kufika K30 miliyoni, msonkho utachotsedwa K21 miliyoni, ndipo lendi ya mpamba ikachoka kwatsala K4.2 miliyoni. Theka la kuwala kwa sitolo kunali nyumba yaulere. Chimodzimodzinso ngati wachibale akugwira ntchito osalandira malipiro: ikanipo zomwe mukanalipira munthu wapadera.

Chokonza chachitatu chikakhalapo ndi cha ndalama zobwera kamodzi, monga phindu logulitsa galimoto yakale kapena chipukuta misozi cha inshulansi. Zichotseni, si ntchito ya nthambiyo.

Titakonza, chigayo chili pa kuperewera kwa K7.8 miliyoni, sitolo pa kutsala kwa K4.2 miliyoni. Mpata wachepa, koma mbali sizinasinthe.

Gwiritsani ntchito nambalayi popanga ziganizo

Kudziwa kuti chigayo chikuperewera n'kopanda ntchito ngati simusintha kanthu. Ubwino wa muyeso umenewu umaoneka wina akabwera ndi pempho la ndalama. Kuti masamu asachuluke, tibwerere ku manambala oyamba aja tisanakonze.

Mkulu uja akufuna K40 miliyoni yomangira nkhokwe ina ndi kugula mpunga wambiri, ndipo akuti zidzawonjezera K10 miliyoni pachaka msonkho utachotsedwa. Buku la phindu likuvomera, poti phindu likwera. Ngakhale muyeso wogawa phindu ndi mpamba, umene unatchuka ndi kampani ya DuPont kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ukuvomera: chigayo chikubweza 23 peresenti, ntchito yatsopanoyi ikubweza 25, ndiye peresenti ya nthambi ikwera pang'ono. Koma lendi ya K40 miliyoni ndi K11.2 miliyoni. Mukalandira K10 miliyoni, mwataya K1.2 miliyoni chaka chilichonse.

Kusitolo kuli pempho la K20 miliyoni logulira mafiriji ndi sola kuti azigulitsa zakumwa zozizira ndi nkhuku kwa ogwira ntchito kunzimbe, ndipo lingabweretse K7 miliyoni pachaka msonkho utachotsedwa, yomwe ndi 35 peresenti. Sitoloyo pano ikubweza 42 peresenti. Ngati mlongo uja amayamikiridwa potengera peresenti, adzakana, chifukwa nambala yake itsika kufika pa 40. Chonsecho lendi ya K20 miliyoni ndi K5.6 miliyoni yokha, ndipo banja likanatsala ndi K1.4 miliyoni pamwamba. Phindu la m'mabuku limakopa munthu kukula kulikonse, bola pakhale kowonjezera. Peresenti imachititsa wochita bwino kuopa kukula. Phindu lotsalira limafunsa chinthu chimodzi kwa onse awiri: kodi ntchito yatsopanoyi ikuposa 28 peresenti?

Lendi yomweyi mukhoza kuitsitsa mpaka pa thumba limodzi, ndipo m'mene ndimaonera, apa ndi pamene imathandiza kwambiri. Thumba la mpunga wosapuntha logulidwa pa K60,000 limadya K1,400 mwezi uliwonse lili chigonere m'nkhokwe, ndiye 28 peresenti kugawa miyezi 12. Popeza phindu lidzadulidwa msonkho, mtengo uyenera kukwera ndi K2,000 pamwezi kuti mutsale ndi K1,400 imeneyo. Kusunga kuyambira Julaye mpaka Januwale kukufuna kuti thumbalo likwere ndi K12,000, ndipo apa sitinawerengere kupepuka kwa mpunga ukamauma, mankhwala ndi alonda. Mukaona kuti mtengo udzakwera kuposa pamenepo, sungani. Mukaona kuti sufika, punthani mugulitse. Zaka zina kusunga kumalipira kwambiri, zaka zina ayi, koma tsopano muli ndi mzere woyezera.

Ngongole za ku Lilongwe nazo n'chimodzimodzi. Sitolo yomwe imatenga mpunga n'kulipira patatha miyezi iwiri yadya pafupifupi 5 peresenti ya mtengo wake musanayambe n'kukambirana zotsitsa. Chigayo chikatsitsa ngongolezi kuchoka pa K40 miliyoni kufika pa K20 miliyoni, lendi itsika ndi K5.6 miliyoni. Chikachepetsanso mpunga wogona m'nkhokwe ndi K30 miliyoni pa avereji, itsika ndi K8.4 miliyoni ina. Kuperewera kwa K7.8 miliyoni kuja, komwe tinapeza titakonza manambala, kwasanduka kutsala kwa K6.2 miliyoni popanda kugulitsa thumba limodzi lowonjezera. Izi zitheka pokhapokha makasitomala sathawa chifukwa cholonjereredwa, mpunga sukutha pakati pa chaka makina n'kukhala chete, ndipo ndalama zomasukazo zapitadi kukabweza ngongole kapena kuntchito yoposa 28 peresenti. Zikangokhala mu akaunti, zikudyabe lendi.

Pomwe muyesowu umanama

Vuto loyamba ndi makina okalamba. Chaka chilichonse akauntanti amatsitsa mtengo wa makina m'buku, mpamba n'kuoneka wochepa, lendi n'kutsika, EVA n'kumakwera yokha popanda amene wachitapo kanthu. Chizindikiro chake n'chakuti EVA ikukwera pomwe matumba opunthidwa sakuwonjezeka, mpunga wosweka ukuchuluka ndipo amakanika sakuchoka pamalopo. Woyang'anira wochenjera adzakana kugula makina atsopano, chifukwa chaka chogulacho nambala yake idzagwa.

Lachiwiri ndi kugwa kwa kwacha, ndipo limeneli ndi lalikulu kwa ife kuposa kwa omwe anayambitsa EVA. Kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mu 2024 mitengo inakwera ndi zoposa 30 peresenti. Makina ogulidwa izi zisanachitike alembedwa pa mtengo womwe lero sungagule ngakhale theka lake. Nthambi ya makina akale imaoneka yaphindu, ya makina atsopano n'kuoneka yolephera, chonsecho zikugwira ntchito yofanana. Wina adzati tingokweza mitengo ya m'buku ifanane ndi ya lero. Mutha kutero, koma samalani. Mu 28 peresenti muja muli kale mbali yaikulu yolipirira kukwera kwa mitengo. Mukakweza mtengo wa nyumba ndi makina, n'kulipiritsa 28 peresenti yonse, osawerengera kukwera kwa mtengowo ngati phindu, mwalanga nthambiyo kawiri. Sankhani chimodzi: mitengo yogulira ndi mlingo wonse, kapena mitengo ya lero ndi mlingo wonse koma kukwera kwa mtengo wa katunduyo kukuwerengedwa ngati phindu. Chomwe mwasankha chigwire nthambi zonse ndi zaka zonse.

N'chifukwa chake kuperewera kwa chaka chimodzi si chifukwa chotsekera chigayo. Funso lotseka lili ndi masamu ake. Makina opunthira ogwiritsidwa kale ntchito mungawagulitse zingati ku Nkhotakota kuno, ndipo wogula alipo? Ngati K100 miliyoni ya m'buku ingabweretse K50 miliyoni yokha pogulitsa, lendi yomwe mungapulumutse ndi ya K50 miliyoniyo. Yinayo inapita kale.

Lachitatu ndi kukula. EVA ndi ndalama, si peresenti, choncho nthambi yaikulu ikachita bwino pang'ono imaposa yaing'ono yochita bwino kwambiri. Poyerekeza anthu awiri, yang'anani kusintha kwa chaka ndi chaka. Mkulu amene wachotsa chigayo pa kuperewera kwa K7.8 miliyoni n'kuchifikitsa pa kuperewera kwa K1 miliyoni wagwira ntchito kuposa woyang'anira sitolo amene wangoima pa K4.2 miliyoni.

Mukafuna kumangirira bonasi pa nambalayi, musapereke yonse chaka chomwecho. Munthu akhoza kukongoletsa chaka chimodzi posiya kukonza makina, kuleka kuthandiza alimi, kapena kukhuthula nkhokwe mwezi wowerengera. A Stern Stewart ankalangiza kuti bonasi izisungidwa n'kumaperekedwa pang'onopang'ono, kuti chaka choipa chikabwera chidye kaye zosungidwazo. Kampani ya banja ikhoza kupereka gawo limodzi mwa magawo atatu, n'kusunga otsalawo. Ndipo woyang'anira alipiritsidwe lendi pa mpamba womwe iye ali ndi mphamvu pa iwo. Ngati chiganizo chogula mpunga wa K220 miliyoni chimapangidwa ndi banja lonse, mlandu wake usagwere manijala wolembedwa ntchito amene amangolandira matumba pachipata.

Buku la akauntanti musalitaye. MRA idzadula msonkho potengera limenelo, banki idzafuna lomwelo musanabwereke, ndipo manambala onse omwe tagwiritsa ntchito pano achokera mmenemo. Pepala la EVA ndi la mkati, lokambirana eni ake ndi oyang'anira. Chomwe chikufunika kuti chaka chamawa muwerengere bwino n'choti kuyambira mwezi uno wina azilemba manambala atatu pa tsiku lomaliza la mwezi, nthambi iliyonse payokha: mtengo wa katundu ali m'nkhokwe, ngongole zomwe anthu sanakubwezereni, ndi zomwe inu simunalipire.